Kutentha kwa m'kamwa: lilime loopsa m'maso nthawi zambiri si ilo lodwala

Munthu akayamba kumva kutentha m'kamwa ngati wapsa ndi tiyi, koma asanamwe chilichonse chotentha, chinthu choyamba chimene amachita ndi kupita pagalasi n'kutulutsa lilime. Zimene waona pagalasipo ndi zimene zimamuuza ngati apite kuchipatala kapena angokhala, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokera.

Madokotala a mano ndi a matenda a m'kamwa amati lilime limene limaopsa kwambiri poliona, la mawangamawanga ofiira ozunguliridwa ndi mizere yoyera, kawirikawiri silikhala ndi vuto lalikulu. Lilime losalala bwino, lofiira ndi lonyezimira, limene mwini wake angaganize kuti ndi laukhondo, ndi lomwe nthawi zambiri limaulula matenda amene ali m'thupi monga kuchepa kwa magazi kapena kusowa kwa mavitamini. Palinso anthu ena amene m'kamwa mwawo mumatentha tsiku lililonse kwa miyezi, koma lilime lawo silionetsa kanthu ngakhale pang'ono.

Kuti zimenezi zimveke, pafunika kudziwa kaye mmene lilime labwinobwino lilili. Pamwamba pa lilime pali tinthu ting'onoting'ono tambirimbiri toima ngati ubweya wa thaulo. Tinthuti ndi timene timapangitsa lilime kukhala lokhakhala ndi kuoneka lotuwa pang'ono. Timatha ndi kuphukanso nthawi zonse, monga mmene khungu limachitira. Pafupifupi kusintha konse kwa maonekedwe a lilime kumachokera pa tinthu timeneti: tikatha pamalo ena okha lilime limaoneka ngati mapu, tikatha paliponse lilime limasalala, ndipo tikatalika mopitirira muyeso timasunga zinyalala n'kupanga nsanjika yoyera, yachikasu kapena yakuda.

Lilime la mapu

Vuto limene azachipatala amalitcha lilime la mapu limapezeka mwa munthu mmodzi kufikira atatu mwa anthu 100 aliwonse, ana ndi akulu omwe. Pamwamba kapena m'mbali mwa lilime pamatuluka zigamba zofiira zosalala, ndipo chigamba chilichonse chimakhala ndi mpendero woyera kapena wachikasu wokhotakhota ngati malire a maboma pa mapu a m'kalasi.

Chizindikiro chachikulu cha vutoli n'chakuti zigambazo zimayenda. Chigamba chimene chinali kunsonga kwa lilime Lolemba chimatha kupezeka chitapola pofika Loweruka, china chitatuluka kumbali. Masiku ano pamene anthu ambiri ali ndi lamya za m'manja zojambula, njira yosavuta yotsimikizira ndi kujambula lilime kamodzi pa masiku atatu alionse kwa masabata awiri, pamalo owala chimodzimodzi. Ngati mapuwo akusintha, munthu angathe kukhazika mtima pansi, ndipo zithunzizo zimamuthandiza dokotala kuposa kufotokoza kwa pakamwa.

Chimene chimayambitsa lilime la mapu sichinadziwike bwino mpaka lero. Zimene zaoneka n'zakuti limayenda m'magazi a pabanja, limakonda anthu amene lilime lawo lili ndi ming'alu, komanso limapezeka kawirikawiri mwa anthu amene ali ndi nthenda ina ya pakhungu yotchedwa soriyasisi. Silipatsirana popsompsonana kapena pomwera kapu imodzi, silibwera chifukwa cha uve, ndipo silisanduka khansa.

Ambiri mwa anthu a lilime lotere samva ululu uliwonse. Ena amamva kuyabwa kapena kunyereza akadya tsabola wa kambuzi, chinanazi, mandimu, mango osapsa, matimati aawisi kapena akamwa mowa, chifukwa pamalo ofiirawo khungu limakhala lopyapyala. Chithandizo chake n'kupewa zakudya zimene zikuwawazo pa masiku amene zigamba zatuluka. Ululu ukakula dokotala amatha kupereka mankhwala ochukuchira m'kamwa ochepetsa kutupa, koma palibe mankhwala ochotseratu vutoli. N'zomvetsa chisoni kuti anthu ena amataya ndalama pogula makapisozi m'magolosale ndi m'misika kuti achize chinthu chosafuna kuchizidwa, ndipo monga tionere kutsogoloku, makapisozi omwewo amatha kubweretsa vuto lenileni pamene panalibe.

Zoyera pa lilime: zopukutika ndi zosapukutika

Lilime loyera ndi limene limabweretsa mantha ambiri m'dziko muno, chifukwa m'zaka zimene matenda a Edzi ankapha anthu ochuluka, zoyera za m'kamwa zinali chizindikiro chodziwika pafupifupi m'mudzi uliwonse. Komatu si kuyera konse kumene kuli matenda.

Munthu amene wagona kukamwa kuli yasa, amene wakhala ndi malungo masiku angapo osadya chakudya chotafuna, wosuta fodya, kapena amene amamwa madzi ochepa, amadzuka ndi nsanjika yoyera pamwamba pa lilime, makamaka chakumbuyo. Nsanjikayi ndi khungu lakufa, tizidutswa ta chakudya ndi tizilombo tokhala m'kamwa mwa aliyense. Sipweteka, imachepa akatsuka lilime pang'onopang'ono ndi mswachi, ndipo pansi pake lilime limapezeka lili bwinobwino. Nthawi zina imada bii mpaka lilime kuoneka ngati lamera ubweya, makamaka kwa osuta fodya, okonda tiyi ndi khofi wambiri, kapena amene angomaliza kumwa maantibayotiki. Ngakhale imaopsa chotero, imatha ndi mswachi komanso kusiya fodya.

Zoyera za matenda zimaoneka mosiyana. Zimakhala timibulu tonga chambiko, ndipo sizikhala pa lilime pokha koma ndi mkati mwa masaya, kumwamba kwa m'kamwa ndi kukhosi. Azachipatala akazipukuta ndi kansalu zimachoka, koma zimasiya malo ofiira, owawa, nthawi zina otuluka timagazi. Zimenezi zimayamba ndi fangasi wotchedwa kandida. Fangasiyu amakhala m'kamwa mwa anthu ambiri athanzi osachita kanthu, ndipo amangochulukana pakakhala chimene chamupatsa mpata.

Kwa khanda la masabata ochepa vutoli si lachilendo. Koma kwa munthu wamkulu, funso lofunika si loti apatsidwe mankhwala ati, koma loti n'chiyani chatsegula khomo. Zinthu zodziwika ndi matenda a shuga osasamalidwa bwino, kachilombo ka HIV kamene kafooketsa chitetezo cha m'thupi, kumwa maantibayotiki amene amapha mabakiteriya abwino omwe amapikisana ndi fangasiyo, mankhwala opopera m'kamwa a mphumu okhala ndi sitiroyidi ngati munthu sachukucha akatha kupopera, ndiponso mano oikirira amene mwini wake amagona nawo.

Mankhwala a nisitatini amadzi, ogwiritsa ntchito kanayi pa tsiku kwa sabata imodzi kapena awiri, kapena mapiritsi a fulukonazo, amachotsa zoyerazo. Koma ngati shuga ndi HIV sizinayezedwe, zoyerazo zimabwerera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limaika zoyera za m'kamwa zosatha pa gawo lachitatu mwa magawo anayi a kukula kwa matenda obwera ndi HIV, ndipo zikatsikira kum'mero mpaka munthu kumamva kuwawa pomeza, limaziika pa gawo lachinayi. Kwa munthu amene ali kale pa mankhwala otalikitsa moyo, kutuluka kwa zoyerazi ndi chifukwa chokwanira chokayezetsa kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, chifukwa kungasonyeze kuti mankhwala akudumphidwa kapena asiya kugwira ntchito.

Chigamba choyera chimene sichichoka ngakhale apukute ndi nkhani ina. Chikakhala m'mbali mwa lilime chili ndi mizeremizere yoimirira ngati malata, kawirikawiri chimasonyezanso kufooka kwa chitetezo. Chikakhala pamalo amodzi, chokhuthala, mwa munthu wosuta kapena wodya fodya ndi kumwa mowa, chiyenera kuonedwa ndi dokotala wa mano chifukwa zina mwa zigamba zotere zimasanduka khansa.

Lilime losalala ndi nkhani ya chimanga

Tinthu ta pamwamba pa lilime timafuna ayironi ndi mavitamini a gulu la B kuti tiphukenso. Popeza timatha ndi kuphuka mofulumira, timakhala m'gulu la ziwalo zoyamba kuonetsa kuti zakudyazi zaperewera. Lilime limasalala, limafiira kapena kutuwa, limatentha munthu akadya za mchere kapena zowawasa, ndipo m'ngodya za milomo mumang'ambika.

Kuchepa kwa ayironi kumavuta kwambiri amayi amene amataya magazi ambiri posamba, amayi oyembekezera, ndi anthu amene ali ndi njoka za m'mimba kapena likodzo. Bambo wamkulu kapena mayi amene anasiya kusamba akapezeka ndi vutoli, dokotala amafufuza kumene magazi akutayikira, makamaka m'mimba ndi m'matumbo, m'malo mongopereka mapiritsi.

Dziko lino lili ndi mbiri yakeyake pa vitamini wina wotchedwa niyasini. Chimanga chili naye vitaminiyu, koma ali womangika mwa njira yoti thupi silitha kumutenga wambiri. Anthu a ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, amachiphika m'madzi a laimu asanachipere, ndipo zimenezi zimamasula vitaminiyu. Chimanga chinafika ku Africa koma kaphikidwe kameneka sikanabwere nacho. Kukonola ndi kuviika mphale kuti papezeke ufa woyera kumachotsanso zina mwa zochepa zimene zinalipo. Kotero munthu amene amadalira nsima popanda ndiwo zokwanira monga mtedza, nyemba, usipa kapena nyama, amatha kudwala nthenda ya pelagira.

Chaka cha 1990, anthu oposa 17,000 mwa anthu othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala m'chigawo cha kumwera kwa dziko lino anadwala pelagira, mtedza utasiya kupezeka pa chakudya chimene ankalandira. Nthendayi imadziwika ndi khungu lakuda lokhakhala ngati lopsa pamalo owombedwa ndi dzuwa, monga kuseri kwa manja ndi kuzungulira khosi, kutsegula m'mimba, ndipo ikakula, kusokonezeka mutu. Koma m'kamwa mumatha kuyamba kutentha ndi lilime kufiira piriwiri khungu lisanasinthe kwenikweni. Masiku ano amene ali pachiopsezo ndi mabanja a m'madera mmene mwagwa njala, anthu omwa kachasu kwambiri osadya mokwanira, ndi ena mwa amene akumwa mankhwala a izoniyazidi oteteza kapena kuchiza chifuwa chachikulu. Amene ali pa mankhwalawa sayenera kusiya okha, koma akauze achipatala akaona zizindikirozi.

Mmene dokotala amalondolera vutoli

Tiyerekeze mayi wa zaka 52 wogwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina ya boma. Wakhala akumva kutentha lilime kwa miyezi isanu. Anasiya kudya tsabola, kenako anayamba kuvutika ngakhale ndi ndiwo za matimati. Anagula makapisozi kawiri konse osaona kusintha, ndipo ulendo wachiwiri m'masaya mwake munatuluka timibulu toyera timene poyamba munalibe.

Poyang'ana msinkhu wake, n'kosavuta kuganiza kuti vuto lake ndi la kusiya kusamba kapena la nkhawa, n'kumuuza kuti apirire. Dokotala wosamala amayamba ndi mafunso. Akumwa mankhwala anji? Mayiyu akuti ali ndi shuga ndipo wakhala akumwa metifomini kwa zaka zisanu ndi zitatu. Pali china chimene chasintha m'thupi? Akuti amatopa msanga pokwera masitepe a ku ofesi, ndipo mapazi amachita dzanzi usiku.

Dokotala akuunika m'kamwa ndi tochi. Timibulu toyerato tikupukutika n'kusiya pofiira, kusonyeza kandida, amene wapeza mpata chifukwa cha maantibayotiki aja pamodzi ndi shuga. Koma lilime lenilenilo ndi losalala kuyambira kunsonga mpaka kumbuyo, lofiira ngati nyama yaiwisi, lopanda mpendero woyera uliwonse. Limeneli si lilime la mapu, ndipo kandida yekha sangafotokoze miyezi isanu yonse chifukwa wabwera mochedwa.

Akutumizidwa kukayezetsa magazi. HIV palibe. Shuga wa m'mawa asanadye wakwera kuposa mlingo umene anapatsidwa kukiliniki. Himogulobini, amene amasonyeza kuchuluka kwa magazi, ali pa 11, pamene mayi wosayembekezera amayenera kukhala ndi 12 kapena kuposa, ndipo bambo 13. Kuperewera kwake n'kochepa, koma makina akusonyeza kuti maselo ofiira a magazi ndi aakulu kuposa mmene amayenera kukhalira. Maselo aang'ono akanaloza ku ayironi. Maselo aakulu amaloza ku vitamini B12 kapena foliki asidi, ndipo n'zodziwika kuti metifomini akamwedwa kwa zaka zambiri amachepetsa mphamvu ya matumbo yotenga B12 m'chakudya. Chiwindi chimasunga vitaminiyu wokwanira zaka zingapo, n'chifukwa chake vutoli limatenga nthawi yaitali kuti lionekere.

Apa pali msampha umene ndi wofunika kuudziwa. Mapiritsi owonjezera magazi amene amapezeka mosavuta m'zipatala zathu amakhala a ayironi ndi foliki asidi. Mayiyu atapatsidwa amenewa okha, foliki asidi angathe kukonza nambala za magazi, iye n'kuoneka ngati wachira, pamene mitsempha yotumiza uthenga ku mapazi ikupitirira kuwonongeka chifukwa B12 akusowabe. Kuwonongeka kotere kukakhalitsa sikubwerera mwakale. Dzanzi la mapazi nalonso likanatha kungoponyeredwa pa shuga popanda kufufuza.

Chithandizo choyenera ndi nisitatini wa kandida, kukonzanso kasamalidwe ka shuga, ndi jakisoni wa B12 wobayidwa pafupipafupi masabata oyambirira kenako patalipatali. Metifomini sasiyidwa chifukwa cha vutoli pokhapokha dokotala atanena. Kutentha kwa lilime kumayamba kuchepa m'masabata ochepa ndipo tinthu ta pamwamba pake timaphukanso, koma dzanzi la mapazi limatenga miyezi.

Pamene zonse zili bwino koma m'kamwa mukutenthabe

Zikanatheka kuti mayi yemweyo apezeke ndi lilime labwinobwino, magazi okwanira, shuga wabwino ndi malovu okwanira. Zikatero dokotala amayang'ananso zinthu zing'onozing'ono: mankhwala a kuthamanga kwa magazi monga enalapirili ndi kaputopirili amene amatentha m'kamwa mwa anthu ena, mankhwala oumitsa malovu, chilungulira chimene chimakweza asidi wa m'mimba usiku, mankhwala otsukira mano kapena ochukuchira amphamvu kwambiri, ndi chizolowezi chokhuza lilime ku mano munthu akapanikizika ndi ntchito.

Zonsezi zikachotsedwa, chotsala ndi nthenda imene imangotchedwa kutentha kwa m'kamwa. Akatswiri amaitchula dzinali pokhapokha munthu akamamva kutentha tsiku lililonse, kwa maola oposa awiri pa tsiku, kwa miyezi yoposa itatu, m'kamwa mukuoneka bwinobwino. Imagwira kwambiri amayi amene afika kapena adutsa msinkhu wosiya kusamba.

Kachitidwe kake n'kodabwitsa. Ambiri amadzuka ali bwino, kutentha kumayamba chakum'mawa, kumakula dzuwa likamapendeka, n'kufika pachimake madzulo, koma sikuwadzutsa usiku. Kumamveka mbali zonse ziwiri, makamaka kunsonga kwa lilime, kumwamba kwa m'kamwa chakutsogolo ndi mkati mwa milomo. Pamene lilime la mapu ndi lilime losalala zimawawa kwambiri pakudya, odwala nthendayi ambiri amapeza mpumulo akamadya, akamamwa madzi ozizira kapena akamatafuna chingamu. Ena amamva kukoma kwa chitsulo kapena kuwawa m'kamwa, ndiponso kuuma ngakhale malovu alipo.

Kwa zaka zambiri odwalawa ankauzidwa kuti ndi maganizo chabe. Kafukufuku wounika tizidutswa ta lilime anasonyeza kuti mwa ambiri a iwo timitsempha ting'onoting'ono tomva ululu ndi kutentha tachepa kapena tawonongeka, kotero timatumiza ku ubongo uthenga wa moto pamene palibe moto. Nkhawa ndi kusowa tulo zimakulitsa ululuwo, ndipo ululuwo umabweretsanso nkhawa, makamaka mantha oti mwina ndi khansa. Nthendayi si khansa ndipo sisanduka khansa.

Pankhani ya chithandizo, choonadi n'chakuti palibe mankhwala amene amachiza aliyense. Panado ndi maantibayotiki sizithandiza. Madokotala amayesa mankhwala ochepetsa ululu wa mitsempha monga amitiriputilini pa mlingo wochepa usiku, ngakhale kuti iyeyu amaumitsa m'kamwa ndipo kwa ena zimenezi zimawonjezera vuto. Ena amapatsidwa piritsi la kolonazepamu loti avumate kwa mphindi zochepa kenako n'kulavula, koma mankhwalawa amatha kuzolowereka m'thupi ndipo saperekedwa popanda chilolezo cha dokotala. Uphungu wothandiza munthu kulimbana ndi ululu wokhalitsa waonetsanso phindu. Ena amapeza bwino pakapita zaka, ena amangophunzira kukhala nawo, botolo la madzi lili patebulo pa nthawi ya misonkhano ya masana.

Pali mtundu umodzi wa kusintha kwa lilime umene suyenera kudikira zithunzi za pa lamya kapena mankhwala a kunyumba. Chilonda, chotupa, kapena chigamba chofiira kapena choyera chimene chakhala pamalo amodzimodzi kupitirira masabata atatu, makamaka m'mbali kapena kunsi kwa lilime, cholimba pochikhudza, chotuluka magazi, kapena chotsagana ndi mwanabele wolimba m'khosi, chiyenera kuonetsedwa ku gawo la mano la chipatala cha boma mwamsanga. Khansa ya lilime nthawi zambiri siwawa ikamayamba. Njira yokhayo yotsimikizira ndi kudula kachidutswa n'kukayeza, ndipo odwala ofunika zimenezi amatumizidwa ku zipatala zazikulu za ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Popita kuchipatala munthu atenge buku lake la umoyo pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo ogula yekha ndi azitsamba.